Felemu imodzi yokha ikhoza kuulula munthu amene unafuna kumubisa

Mvula ya mu Januwale itagwa usiku wonse, ngalande ya m'mbali mwa msewu wopita kumsika kwathu inatsekeka ndi zinyalala, madzi n'kusefukira mumsewu. M'mawa mwake ndinaima pakhonde la golosale, foni ili m'manja, n'kujambula kanema wa masekondi 40. Ndinkafuna kuti oyang'anira misewu aone ndi maso awo zimene anthu akukumana nazo.

Nditakhala pansi madzulo kuti ndimuonere kanemayo, ndinapeza kuti sindinajambule madzi okha. Munali mayi wosenza beseni la tomato, chitenje atachikwinyira m'mawondo. Munali kamtsikana ka sukulu kakuwoloka, nsapato zili m'manja. Munali wakabaza akukankha njinga yake, komanso minibasi yodzaza mpaka pakhomo, nambala yake ikuwerengeka bwinobwino. Mwa anthu onsewa panalibe amene ndinamupempha. Nkhani yanga inali ya ngalande, koma kanemayo akanangofika pa WhatsApp, ena akanayamba kukamba za miyendo ya mayi uja, ena za dalaivala wonyamula mopyola muyeso, ndipo nkhope ya mwana wa eni ikanayenda m'mafoni a anthu osamudziwa.

Malamulo a dziko la Malawi, pa gawo 21, amapatsa munthu aliyense ufulu wosalowereredwa pa moyo wake, ndipo mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu. Zambia ili ndi lake la mu 2021. Ngakhale popanda lamulo, ulemu wokha umatiuza kuti munthu wongodutsa asasanduke nkhani. Njira yake ndi kuphimba nkhope ndi manambala a galimoto kanema asanatuluke. Masiku ano pulogalamu ya pakompyuta imatha kutsatira yokha munthu amene akuyenda, chophimbacho n'kumayenda naye. Ntchitoyi ndi yothandiza kwambiri, koma ili ndi malo ake odziwika pamene imalephera, ndipo aliyense wotulutsa kanema ayenera kuwadziwa.

Kanema ndi mulu wa zithunzi

Kanema si chinthu chimodzi choyenda. Ndi zithunzi zambirimbiri zosayenda zimene zimaonetsedwa mothamanga mpaka diso n'kukhulupirira kuti zikuyenda. Akonzi a makanema amatchula chithunzi chilichonse kuti felemu. Mafoni ambiri amajambula mafelemu 30 pa sekondi iliyonse, pamene wailesi zakanema za kuno kwathu ndi za ku Ulaya zinazolowera 25. Choncho kanema wanga wa masekondi 40 anali ndi mafelemu 1,200.

Kuphimba nkhope pachithunzi chimodzi ndi ntchito ya mphindi imodzi. Kuphimba nkhope zitatu ndi nambala imodzi pa zithunzi 1,200, chilichonse chili pamalo osiyana pang'ono ndi cham'mbuyo, ndi ntchito yoswetsa mutu. N'chifukwa chake timafuna makina.

Komabe masamu omwewa ali ndi chenjezo. Tiyerekeze kuti pulogalamu yaphimba bwino mafelemu 99 pa 100 alionse. Pa mayeso a kusukulu amenewa ndi malikisi onyaditsa. Pa kanema wanga zikutanthauza kuti mafelemu 12 atsala poyera. Woonera mwachisawawa sangawaone, chifukwa felemu imodzi imadutsa msanga kuposa kuphethira. Koma munthu amene akufunadi kudziwa kuti mayi uja ndi ndani amaimitsa kanema, n'kumayenda felemu ndi felemu mpaka atapeza imodzi yosaphimbidwa, kenako n'kuijambula. Ikangopezeka imodziyo, mafelemu 1,188 ophimbidwa bwino aja sathandizanso kanthu. Pa ntchito imeneyi kanema amayesedwa ndi felemu yake yoipitsitsa.

Wofunafuna ndi wolondola

Mkati mwa pulogalamu yabwino yophimba muli antchito awiri, ndipo ntchito zawo ndi zosiyana.

Woyamba timutche wofunafuna. Iye amayang'ana felemu imodzi payokha, osakumbukira yam'mbuyo, n'kufunsa kuti: kodi pano pali nkhope? Akaipeza amaizunguliza ndi kabokosi. Njira yoyamba yothamanga mokwanira kugwira ntchito pa makompyuta wamba inafalitsidwa mu 2001 ndi Paul Viola ndi Michael Jones. Inkadalira zinthu zosavuta, monga zakuti dera la maso limakhala loderapo kuposa masaya. Mapulogalamu a masiku ano amaphunzitsidwa pooonetsedwa zithunzi zochuluka zedi za nkhope mpaka atazolowera maonekedwe ake, ndipo manambala a galimoto amakhala ndi wofunafuna wawo wophunzitsidwa padera. Pulogalamu yodziwa nkhope zokha imaidutsa nambala ngati siikuiona.

Wofunafuna sayankha kuti inde kapena ayi. Amapereka mlingo wa chikhulupiriro chake, kuyambira pa 0 kufika pa 1. Nkhope yoyang'ana kutsogolo padzuwa ingapeze 0.9, pamene nkhope yaying'ono, yopenya kumbali, ili mumthunzi wa ambulera, ingapeze 0.25. Wogwiritsa ntchito pulogalamu ndiye amaika malire: chilichonse chopitirira mlingo wakutiwakuti chiphimbidwe. Malirewo akakwera, nkhope zovuta zimatsala poyera. Akatsika, pulogalamu imayamba kuphimba zinthu zomwe si nkhope, monga dengu, tayala kapena chithunzi cha pachikwangwani.

Pa zolakwa ziwirizi, yachiwiri ndi imene tiyenera kuilandira. Kampani ya Google inakumana ndi funso lomweli pa Street View, ntchito yake yoonetsa zithunzi za misewu imene inayamba mu 2007 ndipo inayamba kuphimba nkhope mu 2008. Mu 2016 anthu anapeza kuti pa chithunzi china cha ku Cambridge, ku England, makina anaphimba nkhope ya ng'ombe. Ng'ombeyo siinataye kanthu. Koma akatswiri a kampaniyo, m'lipoti lawo la mu 2009, ananena kuti makinawo ankaphimba mokwanira nkhope zopitirira pang'ono 89 pa 100 zilizonse, ndi manambala a galimoto pakati pa 94 ndi 96 pa 100. Otsalawo anali anthu enieni. Makina apita patsogolo kuchokera nthawi imeneyo, koma phunziro lake silinasinthe: kuli bwino kuphimba dengu kusiyana ndi kusiya mwana.

Wachiwiri timutche wolondola, ngati mlenje wolondola mapazi a nyama. Iye safunsa kuti ichi ndi chiyani. Amapatsidwa kabokosi pa felemu imodzi, n'kufunsa kuti: chimene chili m'kabokosi aka chapita kuti pa felemu yotsatira? Olondola ena amaloweza maonekedwe a chinthucho, mitundu ndi mizere yake, n'kumachifunafuna pafupi ndi pomwe chinali. Ena amawerengera liwiro. Ngati nkhope yakhala ikusunthira kumanja ndi mlingo womwewo pa mafelemu khumi apitawa, ndiye kuti pa felemu yotsatira ili patsogolo pang'ono kumanja komweko. Masamu a kulosera kotereku anafalitsidwa mu 1960 ndi Rudolf Kalman, ndipo anathandizanso pa maulendo a Apollo opita kumwezi.

Awiriwa akagwirizana, ntchito imayenda chonchi. Wofunafuna amapeza mabokosi pa felemu iliyonse, wolondola n'kuwalumikiza kukhala mzere umodzi wa munthu mmodzi, poona kuti bokosi latsopano lagona kwambiri pa bokosi liti lakale. Wofunafuna akaphonya mafelemu atatu kapena asanu, wolondola amadzaza mpatawo ndi kulosera kwake. Popanda wolondola chophimba chimaphethira, kuoneka ndi kuzimiririka, ndipo pa kuphethira kulikonse nkhope imakhala poyera.

Malo anayi pamene chophimba chimathawa

Nditaupereka kanema wanga ku pulogalamu, zotsatira zake zinaoneka zabwino pomuonera pa liwiro lake. Nditayamba kuyenda felemu ndi felemu ndinapeza mipata, ndipo yonse inali pa malo amene akonzi a makanema amawadziwa kale.

Malo oyamba ndi polowa. Kamtsikana kaja kanatulukira chakumanzere pa sekondi ya 6. Pa mafelemu oyambirira kanaoneka theka la nkhope yokha, ndipo wofunafuna sanaizindikire mpaka maso onse awiri ndi mphuno zitalowa. Pofika nthawi imeneyo panali patadutsa mafelemu asanu ndi awiri, ndipo pa atatu omalizira mwanayo ankadziwika bwinobwino. Wolondola sangathandize apa chifukwa sanapatsidwe kanthu koti alondole. Mankhwala ake ndi kubweza chophimba m'mbuyo: pamene mzere wa munthu wayambira, uyambitseni mafelemu 10 kapena 15 kale, komanso muupitirize chimodzimodzi kumapeto. Mafelemu 15 ndi theka la sekondi basi, ndipo woonera sadandaula nalo.

Malo achiwiri ndi potembenuka. Mayi wa tomato anacheukira kumbuyo kuti aone galimoto, nkhope n'kukhala chammbali. Mlingo wa chikhulupiriro unagwa pansi pa malire, chophimba n'kuzimiririka, chonsecho aliyense womudziwa akanamuzindikira ndi tsaya ndi khutu lomwelo. Beseni la pamutu linawonjezera vuto pogwetsa mthunzi pankhope, kumbuyo kuli madzi onyezimira. Kamera ikayang'anizana ndi kuwala, nkhope ya munthu wakuda imataya mizere imene makina amadalira. Vutoli si lachilendo. Joy Buolamwini, yemwe panthawiyo anali wofufuza wa ku sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, anaonetsa poyera kuti pulogalamu ina yotsatira nkhope inkalephera kuona nkhope yake mpaka atavala chigoba choyera. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti malire amene pulogalamu yabwera nawo tisamangowakhulupirira. Tiziwayesa pa makanema athuathu, a dzuwa lathu ndi nkhope zathu, ndipo pakafunika tiziwatsitsa.

Malo achitatu ndi pobisika ndi popingasana. Wakabaza anadutsa kuseri kwa mtengo wa magetsi kwa kanthawi kochepa. Wolondola woloweza maonekedwe anakakamira pamtengopo, wakabaza n'kutulukira mbali inayo ali poyera. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: chophimba chaima chilili pamene munthu akupitirira. Zofanana ndi zimenezi zimachitika anthu awiri akadutsana. Mabokosi awo amagundana, ndipo posiyana, bokosi la uyu limapita ndi uyo. Ngati mukuphimba aliyense, kusinthanaku sikuvulaza. Koma ngati munasankha kusiya nkhope ya mtolankhani poyera n'kuphimba ya mboni, kusinthana kotere kumaphimba mtolankhani n'kuulula mboni. N'chifukwa chake pa nkhani zoopsa ndi bwino kuphimba onse kaye, kenako n'kuvundukula ndi dzanja okhawo amene anavomera.

Malo achinayi ndi pa liwiro, ndipo apa ndi pamene manambala a galimoto amavutira. Tiyeni tiwerengere. Felemu ya kanema wanga inali ndi timadontho 1,920 m'lifupi mwake. Minibasi ija inadutsa kuchoka mbali ina kufika mbali inayo m'masekondi awiri, omwe ndi mafelemu 60. Tikagawa 1,920 ndi 60 tikupeza kuti inkasuntha timadontho 32 pa felemu iliyonse. Nambala yake inali yotambalala timadontho pafupifupi 90. Chophimba chikatsalira m'mbuyo ndi felemu imodzi, timadontho 32 ta nambala tili poyera, zomwe ndi zilembo ziwiri kapena kuposerapo. Chikatsalira ndi mafelemu atatu, ndiye timadontho 96, nambala yonse yatuluka. Ndipo zilembo ziwiri pa felemu iyi ndi zina ziwiri pa felemu inayo zimakwana kulumikiza nambala yonse.

Galimoto ikamayandikira kamera, nambala imakulanso, choncho bokosi loyenera pamene inali patali limachepa ikafika pafupi. Dzanja la wojambula likagwedezeka, zonse zimalumpha nthawi imodzi, kulosera kwa wolondola n'kusokonekera. Pa zifukwa zimenezi chophimba chiyenera kukhala chachikulu kuposa chinthu chophimbidwacho. Pa nkhope, kuwonjezera 30 pa 100 ndi poyambira pabwino: nkhope ya timadontho 100 imalandira chophimba cha 130, kutsala 15 mbali iliyonse. Pa nambala ya galimoto yothamanga ngati ija, 15 sakwana chifukwa imasuntha 32. Ine ndinachulukitsa m'lifupi mwa chophimba kawiri, kufika pa 180, kuti mbali iliyonse pakhale mpata wa timadontho 45.

Chimbuuzi, timabokosi, kapena kudetseratu?

Chophimba chikhoza kutsatira munthu bwinobwino koma n'kukhala chosabisa. Pali mitundu itatu yodziwika. Woyamba ndi chimbuuzi, pamene nkhope imaoneka ngati ili kuseri kwa galasi la nthunzi. Wachiwiri ndi timabokosi, pamene nkhope imagawidwa m'tizigawo ta makona anayi, kalikonse n'kupatsidwa mtundu umodzi. Wachitatu ndi kudetseratu ndi bokosi la mtundu umodzi.

Mitundu iwiri yoyambayo siichotsa zonse. Imasakaniza timadontho, koma zina za nkhopeyo zimatsalamo. Mu 2007 apolisi a ku Germany anabwezeretsa nkhope ya munthu wina wogwirira ana amene anaipotokola ngati kamvuluvulu pa zithunzi zake, bungwe la Interpol n'kufalitsa nkhopeyo, ndipo anagwidwa ku Thailand chaka chomwecho. Pa nkhani imeneyo dziko linapindula. Koma luso lomwelo lingagwiritsidwe ntchito pa mboni kapena pa mwana. Mu 2016 ofufuza atatu, Richard McPherson, Reza Shokri ndi Vitaly Shmatikov, anaonetsa kuti makina ophunzitsidwa bwino amatha kuloza mwini wa nkhope ya chimbuuzi kapena ya timabokosi pakati pa gulu la anthu amene zithunzi zawo zilipo kale. Makinawo sankabweza nkhopeyo, ankangonena kuti mwa anthu awa, ndi uyu. Kumudzi kapena pamsika, kumene anthu oganiziridwa ndi ochepa, zimenezo n'zokwanira.

Nambala ya galimoto ndi yosavuta kuposa nkhope, chifukwa zilembo ndi manambala zilipo zowerengeka ndipo kalembedwe kake n'kodziwika. Munthu akhoza kuyesa nambala zosiyanasiyana, kuzichititsa chimbuuzi mofananamo, mpaka imodzi itafanana. Kanema amawonjezera ngozi ina imene chithunzi chimodzi chilibe. Nambala ikamasuntha kuseri kwa timabokosi, felemu iliyonse imaidula mosiyana pang'ono, ngati mmene munthu woyenda m'mbali mwa mpanda wa bango amaonera bwalo lonse kudzera m'timipata tating'ono. Mafelemu ambiri akaphatikizidwa amaonetsa zimene felemu imodzi inabisa.

Choncho lamulo langa ndi ili. Pa anthu ongodutsa pa nkhani ya ngalande, chimbuuzi cholimba n'chokwanira, cholimba moti maso, mphuno ndi pakamwa sizikusiyanitsika ngakhale mutachepetsa kanema kapena kuyang'anira patali. Kuyesa kumeneku n'kofunika, chifukwa nkhope ya chimbuuzi chopepuka imadziwika msanga ikakhala yaying'ono. Pa nambala ya galimoto, pa mwana, pa munthu wochitiridwa nkhanza, kapena pa aliyense amene angavulazidwe akadziwika, detseranitu. Bokosi la mtundu umodzi silikongola, koma pansi pake sipatsala kanthu koti wina abweze.

Zida zimene zilipo

YouTube inayamba kupereka chida chophimba nkhope mu 2012, ndipo mu 2016 inawonjezera chida cholola munthu kujambula bokosi pa chilichonse, kuphatikizapo nambala ya galimoto, bokosilo n'kumachitsatira. Mu YouTube Studio zida ziwirizi zimatchedwa `Face blur` ndi `Custom blur`, ndipo pa chachiwiricho mumasankha `Track object` kuti bokosi liziyenda kapena `Fix blur position` kuti liime malo amodzi. Dziwani kuti pogwiritsa ntchito zimenezi kanema wosaphimbidwa amakhala atachoka kale m'manja mwanu. Muikeni mobisa, osati poyera, kufikira ntchito itatha, ndipo muonenso kachithunzi kapachikuto.

Wofuna kugwirira ntchito pa kompyuta yake angagwiritse ntchito Kdenlive, pulogalamu yaulere yokonzera makanema, imene ili ndi `Motion Tracker`. DaVinci Resolve nayonso ili ndi wolondola wake. Pa nkhope zambiri nthawi imodzi pali kapulogalamu kaulere kotchedwa `deface`, kamene kamayendetsedwa polemba lamulo:

```
deface msewu.mp4 --thresh 0.1 --mask-scale 1.5 --replacewith solid
```

Apa `--thresh` ndi malire a chikhulupiriro aja, omwe mukapanda kuwatchula amakhala 0.2. `--mask-scale` ndi kukula kwa chophimba, komwe poyambira ndi 1.3, ndipo `solid` ndi kudetseratu. Kapulogalamuka ndi wofunafuna yekha: kamayang'ana felemu iliyonse payokha, sikalondola, ndipo sikadziwa manambala a galimoto. Zotsatira zake ziyenera kuyenderedwa mosamala, mipata n'kutsekedwa ndi dzanja.

Kuyendera ntchito ya makina

Kuyendera sikutanthauza kuonera kanema kamodzi n'kugwedeza mutu. Choyamba, yenderani kanema womalizidwa amene mukufuna kutumiza, osati chionetsero cha mkati mwa pulogalamu, chifukwa potulutsa kanema chiwerengero cha mafelemu pa sekondi chikhoza kusintha, chophimba n'kuphonyana ndi nkhope. Mafoni ambiri sasunga liwiro limodzi la mafelemu, makamaka kuwala kukachepa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chophimba chimayamba bwino koma n'kumatsalira kumapeto.

Chachiwiri, tsatirani munthu mmodzi pa ulendo umodzi. Diso silingalondere zinthu zinayi nthawi imodzi. Ine ndinadutsa kanema wanga kanayi: ulendo wa mayi, wa mwana, wa wakabaza ndi wa minibasi. Pa ulendo uliwonse ndinkayenda msanga pamene zinthu zili bata, n'kumayenda felemu ndi felemu pa malo anayi aja: polowa ndi potuluka, potembenuka, pobisika, ndi pothamanga. Amene akufuna kuona mafelemu onse atayalidwa ngati zithunzi angagwiritse ntchito pulogalamu ya `ffmpeg`, atakonzeratu foda yolandirira:

```
ffmpeg -i womaliza.mp4 mafelemu/%04d.png
```

Mafelemu 1,200 akayalidwa m'mizere pa kompyuta, felemu yopanda chophimba imaonekera ngati dzino loguluka. Pokonza, mumabwerera pa felemu yomaliza imene chophimba chinali pamalo pake, n'kuchikoka ndi dzanja kudutsa pa vutolo, kenako n'kumuyambitsanso wolondola kuchokera pamene munthu waonekeranso bwino.

Ulendo wachisanu ndi wofunafuna zimene palibe anaziganizira. Pa kanema wanga ndinapeza nkhope ya kondakitala pawindo la minibasi, yomwe inaoneka kwa sekondi imodzi yokha, komanso chithunzithunzi cha mayi uja pagalasi la galimoto yoimikidwa pambali. Makina sanaone zonse ziwiri.

Zimene zimaulula munthu kupatula nkhope

Kwa mlendo, munthu wophimbidwa nkhope wabisika. Kwa anansi ake sizili choncho. Chitenje cha mayi uja, beseni lake ndi kayendedwe kake n'zodziwika kwa aliyense wogula naye tomato. Yunifolomu ya mwana imatchula sukulu yake. Minibasi imadziwika ndi mawu olembedwa pagalasi lakumbuyo kuposa nambala yake, ndipo anthu apasiteji amaitchula ndi mawu omwewo. Wofunafuna wa manambala sawerenga zimenezo, ndiye ndinaziphimba ndekha.

Mawunso amaulula. Mu kanema wanga wina anaitana wakabaza uja ndi dzina lake, ndipo ndinazimitsa mawu pa masekondi awiri amenewo. Mkati mwa fayilo ya kanema mumabisalanso tsiku, nthawi, mtundu wa foni, ndipo nthawi zina malo enieni pamene munajambulira. Izi zimachotsedwa powonjezera `-map_metadata -1` pa lamulo la `ffmpeg`. Pomaliza pali kanema woyambirira uja, wosaphimbidwa. Ngati munamutumizira kale mnzanu mmodzi pa WhatsApp kuti aone, ntchito yonse yophimba yabwera mochedwa.

Choncho funso loyamba lisakhale lakuti ndiphimbe motani. Liyambe ndi lakuti ndikumubisa kwa yani. Ngati ndi kwa anthu akutali a pa intaneti, nkhope ndi nambala zikwanira. Ngati ndi kwa mwamuna amene amamumenya, kwa bwana amene angamuchotse ntchito, kapena kwa gulu lofuna kubwezera, phimbani thupi lonse, sinthani kapena chotsani mawu, ndipo ganizirani ngati chigawo chimenecho chikufunikadi kukhalamo. Nthawi zambiri kudula masekondi atatu kumateteza kuposa chophimba chilichonse.

Ndi mmene ndinachitira ndi kamtsikana kaja. Nditatha kukonza mafelemu ake onse ndinaona kuti yunifolomu, chikwama ndi nthawi imene kanadutsa zinali zokwanira kukalozera, ndipo ndinadula chigawo chonsecho. Kanema anatsala wa masekondi 33. Makina anagwira gawo lawo m'mphindi zochepa, ine langa linanditengera madzulo onse. Madzi osefukira, ngalande yotsekeka ndi msewu wokumbika zinaoneka zonse monga ndinafunira. Mayi wa tomato ndimakumana naye kumsika mpaka lero, ndipo sadziwa kuti anadutsapo pa kamera yanga, chifukwa palibe amene anapita kukamuuza kuti wamuona pa foni.